Tivi ikaima pakati pa apudeti, dzanja lisathamangire ku pulagi

Loweruka masana, mabenchi apukutidwa, anyamata ayamba kale kusuzumira pakhomo kufunsa za mpira wa 4 koloko, koma tivi ya mainchesi 43 imene ili pakhoma yangoti duu. Pa sikirini pali kamzere kamene kafika pa 47%, ndipo kakhala pomwepo kwa theka la ola. Rimoti ikadinidwa palibe chikusintha.

Izi zinagwera bambo wina amene amaonetsa mpira m'chipinda cha kuseri kwa golosale yake pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1. M'mawa wa tsikulo tiviyo inaonetsa uthenga woti pali pulogalamu yatsopano, mwana wake anadina povomera, ndipo apudeti inayamba. Kwa munthu wa bizinesi yotere nkhani si ya tivi yokha. Ngati m'chipindamo mumalowa anthu 40 olipira K500 aliyense, mpira umodzi ukadutsa ndiye kuti K20,000 yapita, osawerengera zakumwa ndi mtedza zimene zikanagulidwa, komanso makasitomala amene akazolowera kwa mnzake wa tsidya lina la msewu sabwerera msanga.

Chimene ambiri amachita pa nthawi yotere n'kuzula pulagi kuti tiviyo iyambirenso. Nthawi zina kutero sikuwononga kanthu. Nthawi zina ndi komwe kumasandutsa tivi yabwinobwino kukhala galasi longoonetsa dzina la kampani. Kusiyana kwake kwagona pa funso limodzi: tiviyo yaima ili pa gawo liti la ntchito?

Magawo awiri a ntchito imodzi

Apudeti ya simati tivi imayenda pawiri. Poyamba tivi imakoka fayilo ya pulogalamu yatsopano pa intaneti n'kuisunga pambali. Pa sikirini pamalembedwa `Downloading`. Pa nthawiyi pulogalamu yakale sinakhudzidwe, ili m'malo mwake, ndipo intaneti ikaduka kapena magetsi akathima, chotayika ndi bandulo basi. Tivi ikayakanso imagwira ntchito monga kale.

Gawo lachiwiri ndi pamene tivi imatenga fayilo ija n'kuyamba kuilemba mu kachipangizo kosungira pulogalamu kamene kali pa bodi. Amisiri amakatchula ndi dzina lolembedwa m'mabuku awo, eMMC. Mawu a pa sikirini amasintha, amakhala `Installing` kapena `Updating`, ndipo nthawi zambiri pamatsagana chenjezo loti `Do not turn off`. Apa m'pamene pali ngozi. Zili ngati kufolera nyumba: pamene malata atsopano akadali pa ngolo, mvula ikagwa banja ligona bwino pansi pa denga lakale, koma denga lakale likasasulidwa theka, latsopano lisanakhomedwe, mvula yomweyo imalowa mpaka kuchipinda. Magetsi akaduka pa gawo ili, tivi imatsala ndi theka la pulogalamu yakale ndi theka la yatsopano, ndipo siidziwa poyambira.

Matiivi ambiri a makampani akuluakulu amadziteteza posunga makope awiri a pulogalamu. Yatsopano imalembedwa pa malo ena, ndipo ikalephereka tivi imabwerera ku yakale. Koma si onse amene ali ndi chitetezo chimenechi, makamaka otsika mtengo aja a mayina osiyanasiyana amene adzadza m'mashopu a ku Limbe ndi ku Area 2 ku Lilongwe. Poyang'ana kunja munthu sangadziwe kuti yake ili m'gulu liti, choncho n'kwanzeru kuyesa tivi iliyonse ngati ilibe kope lachiwiri.

Tivi ya bambo wa golosale uja inali pa `Downloading`. Akanadziwa zimenezi mtima ukanakhala pansi, chifukwa vuto linali laling'ono kwambiri. Tiviyo inkapeza intaneti kudzera pa hotisipoti ya foni ya mwana wake, ndipo bandulo ya pa foniyo inali itatha.

Mafayilo a apudeti ndi akulu. Ambiri amaposa 1GB, ndipo nthawi imene amatenga imadalira liwiro la netiweki. Pa liwiro la 10Mbps, fayilo ya 1GB imatsika m'mphindi pafupifupi 13. Pa liwiro la 2Mbps, limene si lachilendo pa msika wodzadza anthu tsiku la Loweruka, fayilo yomweyo imafuna ola lathunthu ndi mphindi zingapo. Ndiye kuti kamzere kangathe kukhala pa nambala imodzi kwa nthawi ndithu ntchito ikuyenda. Njira yapafupi yodziwira zoona ndi kufunsa bandulo yotsala pa foni, kudikira mphindi zisanu osagwiritsa ntchito foniyo, n'kufunsanso. Ngati yatsika ndi mamegabaiti ambiri, tivi ikukokabe ndipo ingosiyidwa. Ngati siinasunthe, kukoka kwaima.

Zoimitsa kukoka n'zodziwika. Bandulo yatha, kapena imene ilipo ndi ija ya WhatsApp ndi Facebook yokha, imene siigwira ntchito pa zinthu zina. Mwini foni watuluka nayo kupita kukagula tomato, hotisipoti n'kuduka. Malo osungira zinthu mu tivi adzadza ndi maapu, poti matiivi otsika mtengo ambiri amabwera ndi 8GB yokha ndipo gawo lalikulu limakhala litatengedwa kale ndi pulogalamu ya tiviyo. China chimene ambiri sachiganizira ndi deti. Tivi imene yakhala yozimitsidwa nthawi yaitali nthawi zina imabwerera ku chaka chakale, ndipo deti likalakwika makompyuta a kampani amakana kulankhula nayo. Kukonza deti ndi nthawi mu `Settings` kumathetsa zimenezo.

Pa gawo limeneli palibe choopsa kuimitsa ntchito. Ngati rimoti ikuyankha, mwini tivi angathe kudina `Cancel` kapena batani lobwerera. Ngati siikuyankha koma mawu a pa sikirini akuonetsa bwino kuti ndi `Downloading`, kuzimitsa n'kuyatsanso sikupha tivi. Bambo uja anachita zimenezi mwamwayi chabe, tivi inayaka, dikoda inaonetsa mpira, ndipo tsikulo linatha bwino.

Pamene denga lasasulidwa

Vuto lenileni linabwera Lamlungu usiku. Atagula bandulo ina, bamboyu analola apudeti kuti iyambirenso atatseka golosale. Kukoka kunatha, tivi inazima yokha n'kuyakanso, ndipo mawu anasintha kukhala `Installing`. Kamzere kali pa 62%, mita ya magetsi imene inakhala ikulira chilirire kuyambira madzulo inamaliza mayunitsi ake. Pamene ankagula ena pa foni n'kulowetsa manambala, mphindi khumi zinali zitadutsa. Tivi itayaka inaonetsa dzina la kampani, n'kuzima, n'kuonetsanso dzinalo, mobwerezabwereza.

Tisanafike pa zimene zinapulumutsa tiviyo, pali funso limene amalonda ambiri amakumana nalo magetsi asanathime n'komwe: kamzere ka `Installing` kakaima, munthu adikire mpaka liti? Kulemba pulogalamu kumatenga pakati pa mphindi zisanu ndi theka la ola pa matiivi ambiri, ndipo sikuyenda mofanana. Kamzere kamathamanga, n'kuima nthawi yaitali pa nambala imodzi, n'kudumpha. Sikirini ingathe kuda bii kwa mphindi zingapo, tivi ingathe kuzima n'kuyaka yokha kawiri kapena katatu, kagetsi kakutsogolo kangathe kuphethira. Zonsezi ndi zizindikiro za ntchito imene ikuyenda. Matiivi a Android akamaliza amatenganso nthawi pa kuyaka koyamba pokonza maapu, ndipo mphindi khumi kapena 15 pa dzina la kampani si zodabwitsa.

Choncho ola limodzi ndi lochepetsetsa limene munthu ayenera kupereka, ndipo ngati magetsi ali okhazikika, maola awiri ndi abwino koposa. Kudikira sikuwononga chilichonse mu tivi. Pa nthawiyi ntchito ya mwini wake ndi kulondera magetsi: kuona mayunitsi pa mita, kuletsa aliyense kukhudza ekisitenshoni imene tivi yalumikizidwapo (m'mashopu ambiri ekisitenshoni yomweyo ndi yotchajira mafoni a makasitomala, ndipo imagwedezeka tsiku lonse), ndi kubisa rimoti kwa ana. Kujambula sikirini ndi foni kumathandizanso, chifukwa pakatha ola munthu amakhala ndi umboni woti nambala yasuntha kapena ayi, m'malo modalira kukumbukira kwa mtima wothamanga.

Maola awiri akatha nambala ili yomweyo, tiviyo yaimadi, ndipo palibenso chopindula podikira. Kuzimitsa kwake kukhale kwa dongosolo. Choyamba ndi kudina batani loyatsira la pa rimoti osalisiya kwa masekondi angapo. Pa matiivi ambiri a Samsung ndi Sony izi zimachititsa tivi kuyambiranso yokha popanda kudula magetsi. Zikakanika, pulagi izulidwe kukhoma ndipo ikhale kunja kwa mphindi ziwiri zathunthu, chifukwa mkati mwa tivi mumatsalira magetsi kwa kanthawi ndipo kubwezera pulagi msanga kumapeza bodi isanaiwale pamene inakodwa. Kudina batani la pa tivi penipeni pulagi ili kunja kumathandiza kutsitsa magetsi otsalawo. Mawaya onse a dikoda, fulashi ndi masipika achotsedwe, tivi ilumikizidwe yokha pa soketi ya pakhoma, iyatsidwe kamodzi, ndipo isiyidwe kwa mphindi 20.

Mawu oti kamodzi ndi ofunika. Tivi ikadukiridwa magetsi pakati pa ntchito, pa kuyaka kotsatira imayesa kudzikonza, mwina pobwerera ku pulogalamu yakale, mwina poyambiranso kulemba yatsopano. Munthu amene akuzula n'kubwezera pulagi mphindi iliyonse amadula kudzikonza kumeneko, ndipo chimene chinali chilonda chimodzi chimasanduka zingapo. Bambo wa golosale anazimitsa n'kuyatsa kasanu usiku umenewo asanagone.

Tivi ikayaka n'kufika pa menyu, yapulumuka. Chotsala ndi kuona mu `Settings` ngati apudeti inatha, ndi kudzaibwereza tsiku lina labwino. Ikakakamira pa dzina la kampani, pamakhala masitepe ena awiri munthu asanaganize zogula bodi.

Loyamba ndi kufufuta zonse kuti tivi ibwerere mmene inachokera ku fakitale. Matiivi ambiri a Android ali ndi kamenyu kobisika kamene kamatsegulidwa podina mabatani a pa tivi pomwe pulagi ikulowetsedwa. Mabatani ake amasiyana malinga ndi mtundu wa tivi, ndipo buku lake kapena tsamba la kampani limanena. M'kamenyuko muli mawu oti `Wipe data/factory reset`. Koma anthu amayembekezera zambiri kwa sitepe imeneyi kuposa zimene ingathe. Kufufutaku kumachotsa maapu, mapasiwedi ndi matchanelo osungidwa, koma sikulemba pulogalamu ya tivi mwatsopano. Kumathandiza ngati apudeti inatha bwino koma ikukangana ndi zinthu zakale. Ngati pulogalamu inalembedwa theka, imakhalabe theka.

Fulashi: mankhwala amene amafuna muyezo

Sitepe yachiwiri ndi kulowetsa pulogalamu yonse kudzera pa fulashi. Apa m'pamene matiivi ambiri amachira, ndipo m'pamenenso ena amafera m'manja mwa anthu a changu.

Kwa makampani akuluakulu njira yake ndi yolembedwa. Fayilo imatengedwa pa tsamba la kampaniyo pogwiritsa ntchito nambala ya mtundu wa tivi, imene ili pa kapepala komatidwa kumbuyo. Nambalayo ikopedwe yonse, chilembo ndi chilembo, chifukwa matiivi awiri ofanana kukula ndi maonekedwe angathe kukhala ndi mabodi osiyana. Izi zimakhudza kwambiri ogulitsa matiivi akaunjika ochokera kunja. Pa Samsung, mwachitsanzo, nambala yoyamba ndi `UA` ndi ya matiivi opangidwira ku Africa ndi ku Asia, pomwe `UE` ndi ya ku Ulaya. Tivi imene m'bale anatumiza kuchokera ku Britain imafuna fayilo ya pa tsamba la kumeneko, osati ya ku South Africa.

Fulashi ikhale yopanda kanthu ndipo ifufutidwe pa kompyuta posankha `FAT32`. Yaing'ono ya 8GB kapena 16GB imawerengeka bwino kuposa zikuluzikulu, ndipo ikhale yodalirika, osati zija zotchipa zimene zimalembedwa 64GB koma zimataya nyimbo pakatha sabata. Fayilo imabwera yomangidwa mu `zip`, ndipo iyenera kumasulidwa kaye. Pa Samsung, foda imene yatuluka imaikidwa poyera mu fulashi, osati mkati mwa foda ina, kenako munthu amatsata njira iyi pa tivi:

```
Settings > Support > Software Update > Update Now
```

Pa LG, munthu amapanga foda ya dzina loti `LG_DTV` mu fulashi n'kuikamo fayilo yothera ndi `.epk`, ndipo fulashi ikalowetsedwa tivi imaizindikira yokha n'kufunsa ngati iyambe.

Malire a njira ziwirizi ndi oti zimafuna tivi imene ikuyaka mpaka pa menyu. Ndi zabwino kwa munthu amene apudeti yake imangoduka pa intaneti, poti fayilo ingathe kukokedwa pa laputopu ku malo a netiweki yamphamvu, ndipo wogulitsa amene ali ndi matiivi asanu a mtundu umodzi amakoka kamodzi n'kugwiritsa ntchito pa onse. Koma Samsung kapena LG imene yakakamira pa dzina nthawi zambiri siiwerenga fulashi, ndipo imeneyo ndi ya kwa mmisiri kapena kwa amene anaigulitsa.

Matiivi otsika mtengo a Android ali ndi khomo lina, limene limagwira ntchito ngakhale menyu isakutseguka. Tivi ya bambo wa golosale inali ya gulu limeneli, ndipo Lolemba m'mawa anaikweza minibasi, ataikulunga bulangete, kupita nayo kwa mmisiri wa m'tauni.

Mmisiriyo sanayambire pa fulashi. Anayamba wafunsa chimene chinachitika, ndipo atamva za mayunitsi anadziwa koyang'ana. Anatsegula kumbuyo n'kuwerenga manambala awiri. Yoyamba ndi ya bodi, yosindikizidwa pa bodi penipeni, yooneka motere: `TP.MS338.PB801`. Yachiwiri ndi ya galasi loonetsera zithunzi, limene amisiri amati panelo, yolembedwa pa kapepala komatidwa pa chitsulo chakumbuyo kwake. Dzina la kutsogolo kwa tivi silinamuthandize kwenikweni, chifukwa bodi imodzi imapezeka m'matiivi a mayina ambiri, ndipo dzina limodzi lingathe kukhala ndi mabodi osiyana malinga ndi chaka chimene katunduyo anabwera.

Fayilo yoyenera ndi imene ikugwirizana ndi zonse ziwiri. Pa mabodi a mtundu wa MStar fayiloyo kawirikawiri imakhala ndi dzina loti `MstarUpgrade.bin` kapena loyamba ndi `allupgrade`, ndipo dzinalo silisinthidwa chifukwa ndi limene bodi imafufuza ikangolandira magetsi. Mmisiri anaika fayiloyo yokha mu fulashi, anazula pulagi, analowetsa fulashi, anadina batani loyatsira la pa tivi osalisiya, n'kubwezera pulagi. Kagetsi kakutsogolo kanayamba kuphethira, chizindikiro choti kulemba kwayamba, ndipo anasiya batani. Zonsezi anachita tivi ili pa inveta ya m'shopu yake, osati pa magetsi a pakhoma, chifukwa kuduka kwachiwiri pa nthawi imeneyi kungathe kuwononga ngakhale kagawo kamene kamauza bodi kuwerenga fulashi.

Patatha mphindi zosakwana khumi tivi inayaka, koma chithunzi chinali chozondoka ndipo mitundu inaoneka ngati yothiridwa madzi. Umu ndi mmene fayilo ya bodi yolondola koma ya panelo ina imaonekera. Zizindikiro zina zake ndi chithunzi chogawika pawiri kapena chodzadza gawo limodzi la sikirini, zimene zimachitika fayilo ya panelo ya `1366x768` ikalowa mu tivi ya `1920x1080` kapena mosinthanitsa, komanso rimoti yosiya kumveka ndi dzina la kampani ina poyaka. Kulakwitsa kotere kumakonzeka. Mmisiri anapeza fayilo ya panelo yeniyeni kwa mnzake, anabwereza ntchito, ndipo chithunzi chinawongoka. Kulakwitsa kumene sikukhululuka ndi kulowetsa fayilo ya bodi ina. Tivi ingathe kuzimiratu osayankhanso fulashi iliyonse.

N'chifukwa chake mafayilo a m'magulu a WhatsApp, olembedwa dzina la tivi ndi mainchesi okha, ndi oopsa. Ndipo kutsegula kumbuyo kukhale kwa mmisiri. Pa bodi ya magetsi pali zipangizo zimene zimasunga mphamvu yokwanira kuvulaza munthu ngakhale pulagi itazulidwa, komanso tivi imene ikadali pa waranti ikatsegulidwa, wogulitsa amapeza chifukwa chokanira. Tivi yatsopano ikakodwa pa apudeti, ulendo woyamba ndi wa ku shopu imene inagulidwa, lisiti lili m'manja. Wogulitsa akakana popanda chifukwa, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula.

Kudziwa chimene ukulipirira

Si tivi iliyonse yokakamira pa dzina imene imachira ndi fulashi, ndipo wamalonda amene akudziwa zizindikiro savuta kukambirana mtengo. Kachipangizo ka eMMC kamakalamba. Tivi imene apudeti isanabwere inkachedwa kale kuyaka, inkaiwala matchanelo ndi pasiwedi ya intaneti, kapena inkazima yokha, mwina inali ikudwala kale, ndipo apudeti, imene imalemba zinthu zambiri nthawi imodzi, inangomalizitsa. Umboni wake umaoneka pa benchi la mmisiri: fayilo yolondola imaima pa nambala yomweyo nthawi iliyonse, kapena imatha koma tivi n'kubwerera ku matenda ake pakatha masiku. Pamenepo kachipangizoko kamalembedwa ndi makina apadera, monga aja otchedwa RT809H, kapena kamazulidwa n'kuikapo katsopano. Ndi ntchito yofuna dzanja lozolowera, ndipo si mmisiri aliyense amene ali ndi zida zake.

Zizindikiro zina kawirikawiri sizikhudzana ndi pulogalamu. Ngati kagetsi kakutsogolo sikakuyaka konse, nthawi zambiri vuto limakhala ku mbali ya magetsi, mwina chifukwa magetsi anabwerera mwamphamvu. Ngati mawu akumveka koma sikirini ili bii, ndipo pounikira tochi pafupi chithunzi chikuoneka mwa chizimezime, afa ndi magetsi ounikira kumbuyo kwa galasi. Munthu wouzidwa kuti alipire za pulogalamu pa matenda awiriwa nthawi zambiri amakhala akulipira mankhwala olakwika.

Pofunsa mtengo n'kwabwino kufunsa itatu payokhapayokha: wa kulemba pulogalamu pa fulashi, wa ntchito ya eMMC, ndi wa bodi ina. Woyamba uyenera kukhala wotsika kwambiri poti palibe chipangizo chogulidwa. Mmisiri amene akuthamangira ku bodi asanayese n'komwe fulashi afunsidwe chifukwa chake, ndipo bodi ikasinthidwadi yakale ibwezedwe kwa mwini wake. Mtengo wa bodi ukayandikira theka la mtengo wa tivi yakaunjika yofanana nayo, ambiri amaona kuti ndi bwino kugulitsa yakufayo kwa amisiri, amene amafuna galasi lake, n'kuwonjezera ndalama. Bambo wa golosale analipira woyamba wokha, kuphatikiza thiransipoti ya ulendo wopita ndi wobwerera ndi tsiku limodzi la golosale yosiyidwa m'manja mwa mwana. Maapu ndi matchanelo onse anafufutika, ndipo anakhala madzulo onse akuzibwezeretsa.

Atafika kunyumba anachita chimene mmisiri anamulangiza, kuzimitsa apudeti yodziyambira yokha. Pa Samsung ndi `Auto Update`, pa malo omwe aja a `Software Update`, ndipo matiivi ena ali ndi mawu ofanana nawo. Tivi imene ntchito yake ndi kungoonetsa za pa dikoda kudzera pa waya wa HDMI siifunanso intaneti n'komwe, ndipo ikachotsedwa pa hotisipoti uthenga wa apudeti sumabweranso. Amene amaonetsa mafilimu a pa intaneti sangathawe apudeti mpaka kalekale, chifukwa maapu ena amasiya kugwira pa pulogalamu yakale kwambiri. Kwa iwo nkhani ndi kusankha tsiku: m'mawa wa pakati pa sabata, popanda mpira waukulu pafupi, mayunitsi ali okwanira, bandulo yosachepera 3GB ili pa foni imene sichoka m'chipindamo, ndiponso ataona ndondomeko ya kuthima kwa magetsi imene ESCOM imatulutsa.

Pali chida chimodzi chimene chimanamiza ambiri. Kabokosi kotetezera tivi kaja kolumikiza pa soketi, kamene anthu amati tivi gadi, ntchito yake ndi kudula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri, n'kudikira kanthawi kasanawabwezere. Ndi kabwino tsiku lililonse, koma pa nthawi ya `Installing` kamachita ndendende chimene chikuopedwacho. Chimene chimasunga tivi yoyaka ndi batire. UPS yaing'ono ya 650VA, ija ya makompyuta, imanyamula tivi ya mainchesi 43 kwa nthawi yosakwana theka la ola batire lake likakhala latsopano, zimene zimakwanira kulemba kwa matiivi ambiri koma osati kukoka. Inveta ya batire la 100Ah lodzadza imapirira maola angapo. Jenereta ndi yokayikitsa, poti mafuta akatha imazima mosachenjeza, ndipo wowotcherera wa pafupi akayatsa makina ake pa waya womwewo magetsi amagwa.

Ogulitsa matiivi ena ayamba kuchita apudeti m'shopu, pa inveta, katundu asanatuluke, kenako n'kuzimitsa yodziyambira ija ndi kulemba nambala ya pulogalamu pa lisiti pamodzi ndi nambala ya tivi. Kasitomala akabwera pakatha mwezi ndi tivi yokakamira pa dzina, onse awiri amakhala ndi poyambira kukambirana, ndipo mmisiri amadziwa fayilo imene tiviyo inali nayo pochoka m'shopu.